Mabelo Asanu ndi Atatu a Shuga

Ndinabwerera ku Khuyu, kwathu pachilumba, mu Okutobala, ukwati wanga utatha ku Mzuzu. Ndinatsika sitima ndi chikwama chimodzi ndi makina osokera. Anthu amene ndinakumana nawo m'njira anandilonjera bwino osafunsa kanthu, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yanga inali itafika kale ine ndisanafike.

Atate anali ndi golosale kutsogolo kwa nyumba yathu, ya chipinda chimodzi chogulitsira ndi kachipinda kosungiramo katundu kumbuyo. Anaimanga atabwerako ku Bulawayo, kumene anagwira ntchito m'sitolo yaikulu kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Pamene ndinkabwera, maso awo anali atachita ng'ala. Ankakhala pampando pakhonde la golosaleyo tsiku lonse, n'kumazindikira anthu ndi mawu. Ogulitsa anali alamu anga, akazi a achimwene, mayi wa ku Mbungo wosakonda zolankhulalankhula. Achimwene ndiwo ankakwera sitima kukapikula katundu ku Mzuzu. Ine ndinalibe gawo. Ndinkangosesa, kutunga madzi ndi kusoka zigamba za anthu.

Kumayambiriro kwa Novembala, m'mawa wina, atate anandiitana pakhonde paja.

"Iwe masamu unkawatha kusukulu," anatero. "Tenga buku la Disembala wa chaka chatha ndi malisiti ake, ulembe oda ya Khirisimasi."

Alamu anali mkati, akuyeza mchere m'timapepala. Ndinamva kapu yoyezera itasiya kulira.

"Oda ija ndimalemba ndine, atate," anatero alamu.

"Chaka chino alembe uyu. Inu muli ndi zochita zambiri."

Alamu anatulutsa kope lachikuto chofiira ndi waya umene ankabayapo malisiti, anaziika pakauntala, n'kubwerera ku mchere wawo.

Atate anali ndi lamulo limodzi limene anabwera nalo kuchokera ku Bulawayo, ndipo tsiku limenelo anandiuza kawiri. Oda salembera pa zimene munagula chaka chatha, amalembera pa zimene zinatuluka pakhomo. Uwerenge chinthu chilichonse pachokhapachokha, kuyambira tsiku loyamba la Disembala mpaka Chaka Chatsopano. Uchotsepo zimene zilipo kale m'kachipinda. Ukatero uwonjezere pang'ono, chimodzi pa khumi, osapitirira.

Kumtunda munthu akalakwitsa oda amakwera minibasi mawa lake n'kukaonjezera. Kwathu sizitero. Sitima imabwera kuchokera ku Nkhata Bay kamodzi pa sabata, ndipo ikadutsa yomaliza Khirisimasi isanafike, zimene uli nazo ndi zomwezo. Ukaoda zochepa, anthu obwera kutchuthi kuchokera ku Joni ndi ku Lilongwe, amene amakhala ndi ndalama m'thumba, amakagula ku Mbamba, kumene sitima imafikira ndipo kuli masitolo ambiri, ndipo ena sabwereranso kwa iwe. Ukaoda zambiri, Januwale amakupeza nazo. Nthawi imeneyo anthu amakhala atapinira ndalama ku fizi ya ana, mvula ili pakati, shuga amaundana ndi chinyontho, ndipo mpamba wonse umagona pashelefu.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango masiku awiri ndi kope lija. Alamu ankalemba bwino, tsiku lililonse patsamba lake, chinthu ndi kuchuluka kwake. Sopo, machesi, makandulo, yisiti, ufa wa mandasi, mafuta ophikira, zonsezi zinkagwirizana. Zimene zinagulidwa, kuchotsapo zimene zinatsala pa kuwerenga katundu kwa mu Januwale, zinkafanana ndi zimene zinagulitsidwa, kusiyana kwake kochepa kwambiri kumene munthu aliyense angakumvetse. Zinthu ziwiri zokha ndizo zinakana.

Choyamba chinali mpunga. Malisiti ankati matumba asanu ndi atatu, koma makilo a m'buku nditawaphatikiza ankakwana matumba khumi. Ndinati mwina lisiti lina linatayika, ndipo sindinavutike nazo mtima.

Chachiwiri chinali shuga. Malisiti awiri a ku Mzuzu ankasonyeza mabelo makumi awiri ndi awiri, belo lililonse la mapaketi makumi awiri. M'buku munagulitsidwa mabelo khumi ndi anayi. Pa kuwerenga kwa mu Januwale, pamzere wa shuga panalibe kanthu. Ndinaphatikiza katatu, kachitatuko ndi foni. Mabelo asanu ndi atatu sanagulitsidwe, sanatsale, ndipo panalibe paliponse pamene panalembedwa kuti anapita kuti.

Sindinauze munthu. Madzulo a tsiku lachiwirilo, tikupeta chinangwa chosinja kuseri kwa nyumba, alamu anayamba okha.

"Shuga mulembe mabelo makumi atatu," anatero osandiyang'ana.

"Makumi atatu? Chaka chatha munagulitsa khumi ndi anayi."

"Ine ndakuuzani. Mulembe makumi atatu."

"Chifukwa chake?"

"Ndine ndimakhala m'golosalemo."

Anakutumula lichero n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsala pamenepo mutu ukuyenda. Alamu ali ndi alongo awo awiri ku Mbungo, asodzi, ndipo amawoloka kawirikawiri kupita tsidya lija la nyanja, ku Kobwe, kumene kuli abale a mayi awo. Aliyense pachilumba amadziwa kuti shuga wa kuno amayenda malonda tsidya lija. Ndinadzifunsa kuti munthu amene wasowetsa mabelo asanu ndi atatu, n'kubweranso kudzapempha makumi atatu, akufuna kuti chaka chino asowe angati.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwalonda. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndi mmene zinalili. Ndikamasesa m'kachipinda m'mawa ndinkawerenga mapaketi a shuga, n'kuika kachizindikiro ka pensulo pa belo lotsegula. Tsiku lina mlongo wawo wamkulu anabwera, alamu analowa naye m'kachipindamo, ndipo mlongoyo anatuluka atanyamula mtolo wokulunga m'chitenje. Ndinasiya makina, ndinamutsatira mpaka pa mlambe wa panjira ya ku Chipyela ngati ndikupita kwina. Atatula mtolowo kuti amange bwino, ndinaona kuti anali matumba opanda kanthu oyanikirapo usipa. Ndinabwerera. Koma mtima sunagwe, ndinangoti tsiku limenelo wandiona msanga.

Alamu nawo sanali ogona. M'mawa wina ndinapeza zizindikiro zanga zonse zitafufutidwa, ndipo kiyi wa kachipinda, amene kale ankakhala pa msomali, anali atamangidwa pa ngodya ya chitenje chawo. Msuweni wanga wina anandiuza kumjigo kuti alamu akudandaula kwa amayi a kwaya kuti ukwati unandikanika ku Mzuzu, ndiye ndabwera kudzalanda golosale imene iwo aivutikira zaka zisanu ndi chimodzi. Tinkadya m'mbale imodzi, tinkapatsana moni wa m'mawa, koma aliyense ankayang'ana manja a mnzake.

Ndinayesa achimwene. Ndinawapeza kunyanja akuthandiza mnzawo kusoka ukonde.

"Achimwene, shuga wa chaka chatha munabweretsa maulendo awiri, eti?"

"Eya."

"Onse anafika?"

"Malisiti uli nawo iweyo. Ine ntchito yanga n'kubweretsa katundu. Za m'buku kafunse alamu ako."

Anayankha maso ali pa ukonde. Nthawi imeneyo ndinaganiza kuti akutchinjiriza akazi awo.

Oda yoyamba ndinailemba motsata lamulo la atate ndendende, ndipo pa shuga ndinaika mabelo khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndinawawerengera atate pakhonde. Ankagwedeza mutu pa sopo, pa mafuta, pa mpunga. Nditafika pa shuga anakweza dzanja.

"Buku likuti tinagulitsa angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Disembala yense?"

"Inde, atate."

Anati ndiisunge kaye odayo, sitima yokatengera katundu ikadali ndi masabata awiri. Alamu, ali mkati, analankhula ngati akuuza mashelefu: "Ndi amenewo tidzatseka Khirisimasi isanakwane."

Amene ananditsegula maso anali mayi wina wa ku Yofu wophika mandasi ndi masikono. Anabwera Lachinayi kudzanena kuti timusungire ufa, ndipo alamu anali atapita kuchipatala kukaona wodwala, ndiye pakauntala panali ine.

"Koma chaka chino musatichite za chaka chatha," anatero mayiyo. "Ndinayenda katatu kuchokera ku Yofu, katatu konse shuga kulibe. Sabata ya Khirisimasi yeniyeniyo! Ndinakagula ku Mbamba pa mtengo wolira nawo."

Atachoka ndinatsegulanso kope lija. Ine ndinkangophatikiza mwezi wonse, osayang'ana masiku. Tsopano ndinatsata tsamba ndi tsamba. Kumayambiriro kwa mwezi shuga ankatuluka mapaketi khumi kapena khumi ndi awiri patsiku. Pofika pakati pa mwezi anadutsa makumi awiri. Pa 19 Disembala panalembedwa mapaketi asanu ndi awiri, ndipo kuchokera pamenepo mpaka Chaka Chatsopano mawu oti shuga sanaonekenso. Masiku amene golosale imadzaza anthu mpaka pakhonde, ife tinalibe paketi ndi imodzi yomwe.

Choncho khumi ndi anayi aja sichinali chiwerengero cha zimene anthu ankafuna. Anali shuga amene analipo basi. Ndikanaoda motsata nambala imeneyo, ndikanabwereza kusowa komwe kuja ndi dzanja langa. Makumi atatu a alamu sanalinso openga ngati mmene ndinkaganizira. Koma zimenezi sizinawayeretse m'maso mwanga. Zinangondipsetsa mtima kwambiri, poganiza kuti munthu angalole golosale ya atate kukhala yopanda shuga pa Khirisimasi, mabelo asanu ndi atatu ali tsidya lija.

Lamulungu lotsatira, tikuchokera kutchalitchi ku Chipyela, mayi wina wachikulire anandipeza m'njira n'kuyamba kuyenda pambali panga. Ndi mayi wodziwika kumbali yathu kuti amatcheza kachasu. Anadikira kuti anzanga atsogole.

"Ndamva kuti za katundu mukuyendetsa ndinu tsopano," anatero motsitsa mawu. "Akadzapezekanso shuga wonyowa uja, musaitane wina. Ine ndimalipira pompo."

"Shuga wonyowa uti, amayi?"

Anandiyang'ana, anazindikira kuti wapita patali, koma kubwerera kunali kovuta.

"Wa chaka chatha uja. Amene ananyowa m'boti. Alamu anu anandiitana, ndinatenga yense."

"Anali mabelo angati?"

"Asanu."

"Asanu okha? Osati asanu ndi atatu?"

"Mwana wanga, ine ndinasenza ndekha maulendo asanu. Ndingaiwale?"

Mawa lake masana, dzuwa litatentha moti panalibe wogula, ndinalowa m'golosale ndi kope ndi malisiti. Atate anali atapita kukagona. Ndinapempha alamu kuti tilowe m'kachipinda. Anamasula kiyi pa chitenje osafunsa.

"Alamu, ndakumana ndi mayi wa kachasu uja."

Anakhala pa thumba la mpunga. 

"Ndiye mwamva," anatero.

"Ndamva za asanu. Ndikufuna ndimve kwa inu."

Anandifotokozera mosathamanga. Katundu wa ulendo wachiwiri anafika tsiku limene mphepo ya mpoto inkawomba kwambiri. Masiku amenewo sitima inkaima patali, ndipo katundu ankatsitsira m'maboti. Boti limene munali katundu wathu linamwa madzi, shuga ali pansi penipeni, wopanda pepala lofunda. Achimwene sanali m'botimo. Anatsala m'sitima ndi anzawo, ndipo anafika kunyumba mochedwa akununkha mowa. Lisiti la ulendo umenewo linkati mabelo asanu ndi atatu. Ofika kunyumba anali asanu, onse onyowa, mapaketi atang'ambika, osati n'kuika pashelefu. Achimwene anati atatu enawo anagwera m'madzi.

"Onyowawo ndinagulitsa theka la mtengo," anatero alamu. "Ndinaonjezerapo ndalama zanga za usipa, n'kugula matumba awiri a mpunga kwa munthu wa tsidya lija, kuti golosale isagwe kwambiri. Mpunga umenewo uli m'buku. Simunauone?"

Ndinali nditauona, ndipo ndinaudumpha chifukwa sunkagwirizana ndi zimene ndinkafuna kupeza.

"Nanga bwanji simunalembe za shugayo?"

"Buku limeneli atate amapatsa anzawo a kutchalitchi kuti awawerengere. Akanamva kuti mwana wawo anasiya katundu n'kumamwa mowa, akanamuchotsa. Ndiye bambo wa ana anga akanamachita chiyani pachilumba pano?"

"Atatu aja, munaona akugwa?"

"Ine ndinali pano, pakauntala."

"Mukukhulupirira kuti anagwa?"

Anaimirira n'kukonza chitenje. "Inu ndi mlongo wanu. Ine ndi mwamuna wanga. Musandifunse zimenezo."

Sindinapepese tsiku limenelo, ngakhale ndinkayenera. Ndinali ndisanakhulupirire zonse. Lachitatu ndinayenda kupita ku Mbamba ngati ndikukagula ulusi, ndipo ndinafunafuna mwini boti lija. Ndinamupeza akumata boti lake pamchenga. Nkhaniyo ankaikumbukira, chifukwa tsiku limenelo anthu angapo anamukalipira.

"Kunyowa kunanyowa, sindikana," anatero. "Koma m'boti mwanga simunagwe kanthu. Ine ndinalandira mabelo asanu kuchokera m'sitima, ndinatula asanu pamchenga. Amene akuti zinagwa abwere anene pamaso panga."

Pobwerera ndinkangosinkhasinkha. Ngati mwini botiyo ankanena zoona, mabelo atatu sanatsike n'komwe m'sitima, mwinanso sanakwere. Koma iyenso anali ndi chifukwa chokanira, poti palibe woyendetsa boti amene angavomere kuti anataya katundu wa munthu. Mayi wa kachasu akanathanso kutenga asanu ndi atatu n'kunena asanu. Ndinafika ku Khuyu ndikukayikira anthu ambiri kuposa pamene ndinkanyamuka, ndipo pamwamba pa onsewo panali achimwene.

Nthawi inali itatha. Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, ndinaika kope pakauntala n'kunena kuti, "Alamu, ndithandizeni. Ndekha ndilakwitsa." Anandiyang'ana, kenako anakoka mpando.

Tinayamba ndi shuga. Khumi ndi anayi anafikitsa pa 19. Masiku asanu ndi limodzi otsatira, mpaka pa Khirisimasi, alamu anati zaka za m'mbuyo ankagulitsa mapaketi pafupifupi makumi atatu patsiku. Tinatulutsa kope la chaka china cham'mbuyo kuti titsimikize, ndipo linavomereza. Amenewo ndi mabelo asanu ndi anayi. Kuchokera pamenepo mpaka Chaka Chatsopano tinayerekeza asanu. Zonse zinakwana makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Koma mtengo wa shuga unali utakwera kwambiri chaka chimenecho, ndipo anthu amene kale ankagula paketi yathunthu anali atayamba kupempha theka. Alamu ankafunabe makumi atatu, ine ndinkaopa Januwale. Tinakangana mpaka tinagwirizana pa makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, osaonjezeranso chimodzi pa khumi chija.

Kenako alamu anayamba kundionetsa zinthu zimene buku silinena. Pa zakumwa za m'mabotolo ine ndinali nditalemba makreti ochuluka, chifukwa chaka chatha zinatuluka kwambiri.

"Chotsanipo khumi ndi awiri," anatero. "Amenewo anagula ndi banja limodzi, pa ukwati wa mwana wawo wochokera ku Joni. Chaka chino ukwati wotero sunalengezedwe kutchalitchi."

Pa makandulo anati tichepetse, popeza nyumba zambiri za kumbali yathu zinali zitagula nyali za sola. Pa mpunga anati tiwerengere matumba khumi aja, osati asanu ndi atatu a pa lisiti, chifukwa onse anatha. Pa mabisiketi a m'makatoni anati tisapitirire za chaka chatha. Apo ndinakana. Ndinati ana obwera kutchuthi achuluka, ndipo ndinaonjezera makatoni anayi. Alamu anangoti, "Oda ndi yanu."

Mpamba sunkakwana kugula zonse kamodzi, ndiponso sitinkafuna kuika shuga yense m'boti limodzi. Tinagawa pawiri: mabelo khumi ndi asanu ndi limodzi pa sitima ya kumapeto kwa Novembala, pamodzi ndi zinthu zosaonongeka msanga, ndipo khumi otsalawo pa sitima ya pakati pa Disembala, ogulidwa ndi ndalama za malonda oyambawo. Sitima yomaliza tinaisiya dala, kuti ya pakatiyo ikalephera tidzakhale ndi pothawira.

M'mawa ndinawerengera atate oda yatsopanoyo.

"Shuga wachoka bwanji pa khumi ndi asanu ndi limodzi kufika pamenepo?" anafunsa.

"Chaka chatha anatha pa 19, atate. Buku likusonyeza zimene zinalipo, osati zimene anthu ankafuna."

"Ndikudziwa kuti anatha. Ndinkakhala pompano, ndikumva anthu akufunsa n'kumabwerera. Afa ndi maso, makutu alipo."

Ndinadikira kuti afunse kumene shuga winayo anapita. Ndinali nditakonza kale theka la yankho. Sanafunse. Anangoti, "Ulendo uno upite nawo achimwene ako ku Mzuzu. Misika ya kumeneko ukuidziwa." Mpaka lero sindidziwa kuti pondipatsa buku lija ankakayikira ndani, mpongozi wawo kapena mwana wawo, kapena ankadziwa zonse n'kungofuna kuti wina azione ndi maso.

Achimwene atamva anakwiya. "Zaka zonsezi ndayenda ndekha. Lero ndikufunika wondilondera?" Atate anayankha kuti katundu wachuluka, akufunika anthu awiri. M'sitima sitinalankhulane. Iwo anakhala kumbuyo ndi anzawo, ine ndinakhala pa chikwama changa pakati pa madengu a nsomba zouma.

Ku sitolo yopikulitsa ndinawerenga katundu yense akukwezedwa m'galimoto. Ku Nkhata Bay ndinawerenganso akutsitsidwa. Ndinagula pepala lakuda lalikulu, ndipo belo lililonse ndinalilemba nambala ndi cholembera chosafufutika. Achimwene ankandiyang'ana atapinda manja.

Tikudikira sitima padoko, anati akukagula chakudya. Anakhalako nthawi yaitali. Nditaimirira kuti ndiwongole miyendo, ndinawaona chapatali ataima pa kagolosale kena ka m'mbali mwa msewu, akulankhula ndi mayi amene ankagulitsamo. Mayiyo ankalankhula ndi manja ngati munthu wodandaula, achimwene akuloza kumene kunali ine. Kenako mayiyo anatembenuka n'kundiyang'ana, nane ndinamuyang'ana. Achimwene anabwera ndi mabanzi awiri ndi nthochi.

"Ndani uja?" ndinafunsa.

"Munthu wogulitsa mabanzi. Nayenso ukufuna umulembe nambala?"

Ndinakumbukira mabelo atatu aja. Mwina analidi wogulitsa mabanzi chabe.

Katundu yense anafika ku Khuyu wouma, mabelo khumi ndi asanu ndi limodzi. Ulendo wachiwiri achimwene anapita okha, chifukwa malonda anali atayamba kutentha ndipo pakauntala pankafunika anthu awiri. Tsiku lofika sitima, alamu anatseka golosale kwa maola atatu, chinthu chimene sanachitepo mu Disembala, ndipo tinapita tonse ku Mbamba. Tinaima pamchenga, ine ndi lisiti limene a sitolo yopikulitsa anatitumizira pa foni, alamu akuwerenga mokweza pamene katundu ankatsika. Achimwene anali m'boti momwemo, atakhalira pepala lakuda lija. Mabelo anali khumi. Alamu anawerenganso kachiwiri amuna awo akuona.

Sabata ya Khirisimasi tinagulitsa osakhala pansi. Mayi wa mandasi wa ku Yofu anabwera kanayi, ndipo kanayi konse anabwerera ndi shuga. Magule a malipenga atayamba, anthu ochokera kumidzi ina ankaima pakhonde kugula zakumwa, ndipo makreti anatha tsiku lomaliza la chaka, ndendende. Shuga anafika pa 2 Januwale, kutatsala mapaketi khumi ndi limodzi. Yisiti anatithera pa 23, ndipo alamu anatenga cholembera chofiira n'kulemba patsamba la tsikulo kuti watha, kenako tsiku lililonse ankalemba chiwerengero cha anthu amene anamufuna n'kubwerera. Mabisiketi anga aja anatsala makatoni atatu. Anakhala pashelefu mvula yonse mpaka anafewa, ndipo tinawagulitsa motchipa cha ku Pasaka. Alamu sanandinenepo kanthu za iwo, koma tsiku lililonse popukuta fumbi ankawasunthira kutsogolo, pamene ndingawaone bwino.

Oda ya Pasaka tinalemba awiri popanda wotituma. Achimwene anapitanso ku Mzuzu ulendo umenewo, katundu anafika wokwana, ndipo patangopita milungu itatu ananena kuti mnzawo wawapezera ntchito ku Joni. Atate sanawaletse. Tinawaperekeza ku sitima, ine, alamu ndi ana awo. Potsanzikana anagwira dzanja aliyense, ndipo atafika pa ine anati, "Golosale ija ndi yako tsopano, wasangalala?" Ndinati si yanga, ndi ya atate. Anaseka pang'ono n'kukwera boti.

Pobwerera, pa chitunda cha ku Chipyela, alamu anandifunsa mwadzidzidzi ngati ulendo uja wa ku Mzuzu ndinaonapo china chilichonse. Ana anali patsogolo, akuthamangitsana. Ndinakumbukira mayi wa mabanzi uja, koma ndinati ndinali wotanganidwa ndi kuwerenga katundu. Anandiyang'ana cham'mbali, ndipo ndinaona kuti sanandikhulupirire. Tinayenda njira yotsalayo tikukambirana za mchere, popeza nyengo ya mwera inali pafupi ndipo tinkafunika kudziwa kuti asodzi adzagula wochuluka bwanji wothira nsomba zawo.